Kodi ndiwagawe ana anga m'magulu asanu ndi atatu a nzeru?

"Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo m'kalasi mwanga muli ana 104. Pa maphunziro ena a aphunzitsi anatiuza kuti mwana aliyense ali ndi mtundu wake wa nzeru, n'kutipatsa pepala la mafunso loti ana ayankhe kuti tiwagawe m'magulu asanu ndi atatu. Ndili ndi mnyamata wina amene amalephera masamu, koma kudoko amagawa ndalama za usipa osaphonya, ndipo pepalalo lamuika m'gulu la nzeru za thupi. Kodi zimenezi n'zotsimikizika, nanga ndimuphunzitse motani?"

Aphunzitsi, langizo langa ndi lakuti pepalalo mulisunge m'kabati ndipo ana musawagawe. Chiphunzitso chimene munamvacho chili ndi mwini wake, ndipo muli mfundo zina zabwino m'menemo, koma mbali imene inafika kwa inu, yoti mwana ayezedwe ndi mafunso ochepa kenako aphunzitsidwe motsatira gulu lake, ndi imene ilibe umboni, ndipo ngakhale mwini chiphunzitsocho anaikana.

Mwini wakeyo ndi Howard Gardner, katswiri wa za maganizo a munthu wa pa yunivesite ya Harvard ku America, amene anatulutsa ganizoli mu 1983 m'buku lotchedwa Frames of Mind. Pa nthawiyo iye ankagwira ntchito ndi magulu awiri a anthu: ana amene ankaphunzira zaluso monga nyimbo ndi zojambula, komanso akuluakulu amene anavulala ubongo chifukwa cha sitiroko kapena ngozi. Chimene chinamuchititsa chidwi ndi chakuti munthu wovulala ubongo amatha kutaya luso limodzi ena n'kutsala, moti wina amalephera kuyankhula bwinobwino koma nyimbo akuimbabe. Pamenepo anaganiza kuti nzeru si chinthu chimodzi, koma ndi maluso angapo oima paokha. Poyamba anatchula asanu ndi awiri: nzeru za chiyankhulo, za masamu ndi kulingalira motsata ndondomeko, za nyimbo, za kuona malo ndi maonekedwe a zinthu m'maganizo, za kugwiritsa ntchito thupi, za kumvetsa anthu ena, ndi za kudzidziwa wekha. Cha m'ma 1995 anawonjezera yachisanu ndi chitatu, ya kuzindikira ndi kusiyanitsa zachilengedwe monga zomera ndi nyama.

Sindidabwa kuti aphunzitsi amachikonda chiphunzitsochi, pakuti inenso nditangochimva ndinachilandira ndi manja awiri. Mphunzitsi amene wakhala m'kalasi zaka zingapo amadziwa kuti mayeso a Sitandade 8 amayeza kagawo kochepa ka zimene mwana angathe, ndipo zimamupweteka kuona mtsikana amene amaloweza ndime zazitali ku madarasa, kapena mnyamata wodziwa kusoka ukonde ndi kuwerenga mphepo ya mwera, akutchedwa mbuli chifukwa cha malikisi. Gardner anapatsa aphunzitsi mawu aulemu otchulira ana otere. Komanso ganizoli limagwirizana ndi mmene ife timaonera nzeru kuyambira kale. Robert Serpell, amene anachita kafukufuku pakati pa Achewa a ku Katete m'dziko la Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti akuluakulu akamanena za mwana wanzeru satanthauza kuchenjera kokha, koma amaphatikizapo kutumikira, kutanthauza kuti mwana wodalirika amene ungamutume n'kukachita zinthu moyenera. Koma tisamale pano, chifukwa zimene Serpell anapeza zikutiuza zimene anthu amazilemekeza akamatchula mawu oti nzeru, ndipo sizikutsimikiza kuti muubongo muli zipinda zisanu ndi zitatu zosadalirana.

Apa ndi pamene akatswiri ena amayambira kutsutsa. Funso lawo loyamba ndi lakuti mndandandawu unapezeka bwanji. Gardner sanayeze gulu la anthu n'kuona kuti maluso awo akugawika pasanu ndi patatu. Iye anawerenga zimene ena anafufuza kale, n'kuika miyeso isanu ndi itatu yoti luso liikwaniritse kuti litchedwe nzeru. Mwachitsanzo, lusolo lizitha kuwonongeka palokha ubongo ukavulala, pazipezeka anthu amene ali nalo modabwitsa pamene zina zikuwavuta, komanso lizitha kulembedwa m'zizindikiro monga malembo kapena manambala. Vuto ndi lakuti luso silifunika kukwaniritsa miyeso yonseyo, ndipo amene amagamula ngati lakwanitsa ndi Gardner yemweyo. Iye mwini anavomera m'buku lija kuti kusankhaku kumafanana kwambiri ndi mmene mmisiri waluso amagamulira zinthu kusiyana ndi mmene wasayansi amayezera. Otsutsa amafunsa kuti, ngati ndi choncho, luso lokumbukira kapena loseketsa anthu lilekeranji kukhala nzeru yachisanu ndi chinayi, popeza nalonso limakwaniritsa miyeso ingapo. Chiphunzitso chimene sichinena chimene chingachigwetse n'chovuta kuchiyesa, ndipo mpaka lero Gardner sanapange mayeso ovomerezeka oyezera nzeru zisanu ndi zitatuzi. N'chifukwa chake Lynn Waterhouse, polemba mu 2006, ananena kuti chiphunzitsochi chilibe kafukufuku wokwanira wochitsimikiza ndipo sichiyenera kukhala maziko a kaphunzitsidwe.

Chitsutso chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba, ndipo mungathe kuchiona ndi maso anu m'buku lanu la malikisi. Tengani ana khumi amene amakhoza bwino Chichewa, ndipo muone mmene amachitira pa masamu, sayansi ndi Chingerezi. Mudzapeza kuti ambiri mwa iwo ali pamwamba pa maphunziro enawonso, ngakhale kuti si onse, ndipo ana khumi a pansi pa Chichewa ambiri ali pansi pa enanso. Zimenezi anaziona koyamba Charles Spearman ku England mu 1904, ndipo chimene chimagwirizanitsa malikisiwo anachipatsa chilembo cha g, kutanthauza luso la kuganiza limene limalowa m'ntchito zonse za ubongo. Mu 1993 John Carroll anasanthulanso zotsatira zoposa 460 za kafukufuku wa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti maluso osiyanasiyana alipodi, monga a chiyankhulo, a kukumbukira ndi a kuona maonekedwe a zinthu, koma onse amagwirizana pansi pa luso limodzi lija. Choncho akatswiri oyeza nzeru sakana kuti anthu amasiyana mphatso. Chimene amakana ndi chakuti mphatsozo n'zosadalirana, ndipo kusadaliranako ndiye phata la chiphunzitso cha Gardner.

Panachitika kafukufuku wina amene anayesa nkhaniyi mwachindunji. Mu 2006 Beth Visser, Michael Ashton ndi Philip Vernon a ku Canada anatenga anthu akuluakulu 200, n'kuwapatsa mayeso awiriawiri pa mtundu uliwonse wa nzeru, onse pamodzi 16. Chiphunzitsochi chikanakhala choona, tikanayembekezera kuti mayeso awiri a mtundu umodzi agwirizane kwambiri, pamene mayeso a mitundu yosiyana asagwirizane kwenikweni. Zimene zinatuluka n'zosiyana ndi zimenezo. Mayeso a chiyankhulo, a masamu, a maonekedwe a zinthu, a zachilengedwe ndi a kumvetsa anthu ena anagwirizana kwambiri ndi luso limodzi lija, moti wokhoza pa ena ankakhozanso pa enawo. Amene anaima patali ndi monga mayeso a thupi, ndipo otsutsa amati zimenezi sizodabwitsa, pakuti kuimirira ndi mwendo umodzi osagwa ndi luso lenileni koma si kuganiza. Ena amafika ponena kuti Gardner anangotenga zimene tonse timazitcha mphatso n'kuzipatsa dzina loti nzeru, ndipo iye mwini ananenapo kuti akanazitcha mphatso, buku lake silikanamveka monga linamvekera.

Kuti ndisamulakwire, Gardner ali ndi yankho lake, ndipo si lopanda pake. Iye amati mayeso ambiri amafika kwa munthu kudzera m'mawu ndi papepala, kotero kuti amene ali bwino pa chiyankhulo ndi kulingalira amapindula pa mayeso onse, ndipo mgwirizano umene timauonawo ungachokere pamenepo. Kwa ife a ku Mangochi mfundoyi ndi yomveka, chifukwa mwana amene kunyumba amayankhula Chiyao, pabwalo Chichewa, ndipo mayeso a masamu akulemba m'Chingerezi, akalephera sitidziwa ngati walephera masamu kapena Chingerezi. Komabe yankholi silithetsa nkhani, chifukwa mgwirizanowu umapezekanso pa mayeso opanda mawu, a zithunzi ndi zoumbaumba zokha. Ine ndimaona kuti pa mtsutso umenewu umboni uli kumbali ya otsutsa, ngakhale kuti chenjezo la Gardner pa za chiyankhulo cha mayeso ndi loyenera kulisunga.

Tibwere tsopano ku pepala lanu la mafunso. Mapepala otere amafunsa mwana ngati amakonda kuimba, kusewera mpira kapena kukhala yekha, ndipo chimene amayeza ndi zokonda za mwana, kapenanso zimene mwanayo akuganiza kuti aphunzitsi akufuna kumva. Kukonda chinthu ndi kuchitha n'zosiyana, ndipo mukawapatsanso pepala lomwelo teremu yamawa mudzaona ana ambiri atasamuka magulu. Gardner analemba mu 1995 kutsutsa kagwiritsidwe ntchito kotere, ndipo mu 2013 anabwerezanso poyera kuti chiphunzitso chake si chimodzi ndi ganizo lina loti mwana aliyense ali ndi njira yakeyake yophunzirira, ya maso, ya makutu kapena ya manja. Ananenanso kuti chimene chinamukwiyitsa kwambiri ndi pulogalamu ina ya ku Australia imene inalemba mitundu ya anthu n'kuika pambali pake nzeru zimene mtundu uliwonse uli nazo ndi zimene ulibe. Ngozi imeneyi kwathu kuno ili pafupi kwambiri, pakuti sipangatenge nthawi kuti wina ayambe kunena kuti ana a asodzi ndi a nzeru za manja ndipo masamu si awo.

Nanga kuphunzitsa mwana motsatira gulu lake kumathandiza? Njira yoyesera zimenezi ndi yosavuta kuimvetsa. Umagawa ana monga mwa pepalalo, kenako theka la gulu lililonse umaliphunzitsa m'njira imene akuti ndi yake, theka linalo m'njira ina, ndipo onse umawapatsa mayeso amodzi. Ganizolo likakhala loona, gulu lililonse liyenera kukhoza kwambiri m'njira yake, ndipo njira imene yathandiza gulu lina iyenera kulephera pa gulu linzake. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake atatu anafufuza kafukufuku wochitidwa motere pa za njira zophunzirira, ndipo anapeza kuti wochitidwa moyenera ndi wochepa kwambiri, komanso wochepayo sanaonetse phindu loti n'kudalira. Kafukufukuyu sanali wa chiphunzitso cha Gardner mwachindunji, koma anayesa ndendende zimene inu mwauzidwa kuti muchite. Chimene chimaoneka kawirikawiri ndi chakuti njira yabwino imatsatira phunziro, osati mwana: mapu amafuna kuonedwa ndi ana onse, katchulidwe ka mawu kamafuna kumvedwa ndi ana onse, ndipo kuyeza kutalika kwa chinthu kumafuna kuti aliyense agwire rula.

Za mnyamata wanuyo, choyamba n'chakuti pepalalo lamunamizira. Mwana amene amagawa ndalama kudoko osaphonya akuchita masamu, ndipo kugawa ndalama sikuchitika ndi minofu. Zofanana ndi zimenezi zinaonedwa ku Recife m'dziko la Brazil, m'kafukufuku wa ana ochepa ogulitsa malonda mumsewu amene anasindikizidwa mu 1985. Anawo ankakhoza pafupifupi mafunso onse akafunsidwa pogulitsa, koma masamu omwewo atalembedwa papepala monga a kusukulu, ankakhoza osafika ngakhale theka. Ubongo unali womwewo ndipo luso linali lomwelo, koma panalibe mlatho pakati pa masamu a pamsika ndi zizindikiro za m'kope. Ntchito yanu ndi kupeza pamene mlathowo waduka, ndipo zimenezi zingakutengereni mphindi 20 ana ena ataweruka.

Yambani ndi funso la pakamwa, m'chiyankhulo chimene iye amamasuka nacho. Tinene kuti boti lagulitsa usipa wa K96,000, mafuta anadya K24,000, mwini wa boti ndi ukonde wa chilimira atenga theka la zotsala, ndipo theka linalo ligawidwa kwa alovi asanu ndi anayi, amene ndi ogwira ntchito m'botimo. Ngati ndi mmene mwamufotokozeramo, adzakuuzani kuti patsala K72,000, mwini atenga K36,000, ndipo aliyense alandira K4,000. Musakhutire msanga, chifukwa mwina waloweza kagawidwe kamene amakaona tsiku ndi tsiku. Sinthani lamulo n'kunena kuti mwini atenga gawo limodzi mwa magawo atatu ndipo alovi alipo asanu ndi atatu. Akapeza kuti mwini atenga K24,000 ndipo pa K48,000 yotsalayo aliyense alandira K6,000, dziwani kuti mwanayo akumvetsa kugawa, ndipo mumufunse kuti wapeza bwanji, pakuti mawu amene angagwiritse ntchito ndi amene mudzayambire pomuphunzitsa.

Kenako lembani funso lofanana nalo m'Chichewa, musinthe manambala, ndipo aliwerenge yekha mokweza. Akayamba kudodoma pa mawu, kapena akafika kumapeto ataiwala za kumayambiriro, vuto ndi kuwerenga, ndipo masamu akungovutika nawo chifukwa amabwera olembedwa. Ana otere alipo ambiri mu Sitandade 6, ndipo amabisala pokopera za anzawo. Akadutsa pamenepo, mupatseni funso lomwelo m'Chingerezi. Akagwa apa, vuto ndi mawu ochepa a Chingerezi cha masamu, monga otanthauza zotsala, kugawa mofanana ndi gawo la chinthu, ndipo mawuwa si ambiri moti mungawaphunzitse kalasi yonse m'masabata awiri. Pomaliza lembani zizindikiro zokha, 1/9 × 1/2, ndipo muone chimene achite. Ana ambiri amalemba 1/11 kapena 2/11 chifukwa aphatikiza manambala, ndipo ena amene apeza 1/18 amakhulupirira kuti ndi yaikulu kuposa 1/9 popeza 18 ndi wamkulu kuposa 9. Mwana wolakwitsa motere sanaonepo kuti fulakishoni ya papepala ndi ndalama ya kudoko n'chinthu chimodzi.

Ngati wagwa pa zizindikiro, mankhwala ake ndi choko ndi bolodi. Jambulani mzere wonenepa woimira K72,000, muudule pakati, ndipo theka limodzi mulembe kuti la mwini boti. Theka linalo muligawe tizigawo tisanu ndi tinayi, kenako mufunse kuti tizigawo totere tingakwane tingati mumzere wonse. Ana akawerenga n'kupeza 18, lembani 1/18 pansi pa kachigawo kamodzi ndi K4,000 pamwamba pake, ndipo pokhapo ndi pamene muonetse kuti 1/9 × 1/2 ndi njira yachidule yolembera zimene angochitazo. Bwerezani ndi kagawidwe kachiwiri kaja, kenako ndi chitsanzo chimene si cha nsomba, monga thumba la mpunga, kuti lusolo lisakakamire kudoko. Pamapeto pake chotsani chithunzi n'kusiya manambala okha, chifukwa mayeso a MANEB sadzamujambulira mzere. Phunziro limeneli ndi la ana onse 104 nthawi imodzi, ndipo lithandiza mwana wa mlimi wa ku Namwera monga mmene lithandizira mwana wa msodzi wa ku Makawa.

Mwina mudzati kugwiritsa ntchito chithunzi, nkhani ndi manambala m'phunziro limodzi ndi zomwezo zimene Gardner amanena. Pang'ono n'zoona, pakuti iye amalimbikitsa kuti mfundo yofunika ifikiridwe m'njira zingapo, ndipo mbali imeneyi ya malangizo ake ndi imene ine ndimaisunga. Koma imathandiza pa chifukwa china, chakuti mwana aliyense amagwira bwino mfundo akaiona m'maonekedwe angapo ogwirizana, osati chifukwa chakuti chithunzi chapita kwa ana a zithunzi ndipo nkhani yapita kwa ana a chiyankhulo. Palinso malire amene ndinawaphunzira mochedwa. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinapeka nyimbo ya mafulakishoni imene ana ankaiimba mokoma mpaka panjira, koma pa mayeso analephera monga kale, chifukwa nthawi yonseyo maganizo awo anali pa mawu ndi kuwomba m'manja. Mwana amakumbukira chimene wakhala akuchiganizira. Nyimbo ndi yabwino poloweza zinthu monga matebulo a kuchulukitsa, koma siingamuuze mwana chifukwa chimene 1/18 ilili yaing'ono kuposa 1/9.

Musanamalize ndi mnyamatayu, tsegulaninso kaundula wa masiku obwera kusukulu ndipo muuyerekeze ndi mwezi wa kumwamba. Usipa wa chilimira amaupha usiku ndi nyali, makamaka masiku a mdima, kotero ngati kujomba kwake kapena kusinza kwake m'kalasi kumachuluka mwezi ukakhala kuti sukuwala, ndiye kuti maphunziro a mafulakishoni anamudutsa ali panyanja kapena ali m'tulo. Mukatero kambiranani ndi makolo ake pamodzi ndi a komiti ya sukulu, mutatenga kaundulayo m'manja kuti masikuwo awaone okha. Muonenso ngati amamva ndi kuona bwino kuchokera pamene amakhala, pomuitana motsitsa mawu ali chakumbuyo kapena pomuuza kuti awerenge manambala aang'ono a pabolodi, ndipo ngati akuoneka wofooka nthawi zonse kapena akudandaula za mkodzo wa magazi, auzeni makolo apite naye kuchipatala akamuyeze likodzo.